Mzere umodzi unandidyera masiku atatu

Lolemba m'mawa, ndisanamalize n'komwe tiyi, kuofesi kwathu ku Area 3 kunabwera mayi wina wochokera ku Area 47 atanyamula envulopu yakhaki. M'katimo munali chikalata cha kubadwa cha mwana wawo wazaka 6, cholembedwa m'Chipwitikizi. Anabereka ali ku Portugal, ndipo tsopano ankafuna chikalatacho m'Chingerezi kuti akalembetse mwanayo kuno. Ndinangochiyang'ana pamwamba n'kuwauza kuti abwere mawa lake. Tsamba limodzi lokha, ndinkati pofika masana ndikhala nditathana nalo.

Mayina ndi tsiku lobadwa zinayenda bwinobwino. Ndinaima pa mzere wolembedwa naturalidade, pomwe patsogolo pake panali dzina la Odivelas, tauni yoyandikana ndi Lisbon. Ongoyamba kumene ntchito yathu yomasulira zikalata amasokoneza liwuli ndi nacionalidade, lonena za unzika, koma limenelo si vuto langa. Vuto ndi lakuti liwu limodzili limayankha mafunso awiri amene ife timawasiyanitsa bwino. Mukafunsa munthu kuti "Munabadwira kuti?" akhoza kukuuzani kuti kuno ku Lilongwe. Mukamufunsa kuti "Kwanu ndi kuti?" akutchulirani mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, ngakhale sanagoneko usiku ndi umodzi womwe. Liwuli limakhala pakati pa ziwirizi.

Kawirikawiri timalemba kuti malo obadwira, ndipo palibe amene amadandaula. Ndikanalembanso choncho mayiwo akanapanda kuiwala mu envulopu muja kapepala ka kuchipatala. Kapepalako kankasonyeza kuti mwana anabadwira mu mzinda wa Lisbon, osati Odivelas.

Lachiwiri atabwera ndinawafunsa. "Ee, bambo, ndinachirira ku Lisbon. Ku Odivelas n'kumene tinkachita lendi." Kenako anawonjezera kuti, "Ingolembani Lisbon, poti zoona zake n'zimenezo."

Zoona inde, koma ine sindilumbira kuti mwana anabadwira pati. Ndimalumbira kuti zimene ndalemba ndi zimene zili pa chikalata. Ndikachotsa Odivelas n'kuikapo Lisbon, ndiye kuti ndapeka chikalata changachanga n'kudindapo. Ndinawapempha kuti andipatse mpaka Lachinayi. Sanasangalale, chifukwa kukwera minibasi kachitatu n'kuwononga ndalama.

Usiku umenewo ndinafufuza lamulo la ku Portugal lokhudza kalembera wa anthu, Código do Registo Civil. Gawo 101 limanena kuti naturalidade ingakhale malo amene mwana wabadwira, kapena malo a m'dzikomo amene mayi ake amakhala nthawi zonse pa tsiku lobadwalo, ndipo makolo akhoza kusankha. Choncho wolemba uja sanalakwitse. Makolo anasankha kumene ankakhala, mwina osadziwa n'komwe kuti akusankha.

Lachitatu lonse, pakati pa satifiketi ya ukwati ndi kalata ya sukulu ya mnyamata wina wa ku Tete, mutu unali pa mzere womwewo. Ndikalemba kuti malo obadwira osawonjezerapo kanthu, tsiku lina kalaliki adzaika mapepala awiri aja pamodzi n'kuona kuti akutsutsana, ndipo wokayikiridwa adzakhala mayiyo. Ndikalemba mawu otanthauza kumene munthu amachokera, kalaliki wa kuno adzamva ngati ndi kumudzi kwa makolo, pomwe ku Odivelas banjali lilibeko ngakhale manda a agogo. Kuwonjezera apo, mzere wa malo obadwira pa fomu yake udzatsala wopanda poutengera, chifukwa pa chikalatachi panalibe mzere wina wotchula chipatala. Apa m'pamene ndinaona kuti tanthauzo loyamba ndi limene likugwirizana ndi ntchito ya mzerewu.

Ndinalemba kuti malo obadwira monga analembetsedwa, liwu la Chipwitikizi n'kulisiya pambali pake, Odivelas osamukhudza. Pansi pa tsamba ndinaikapo ndemanga ya womasulira ya mizere iwiri yofotokoza zimene gawo 101 limalola. Sindinalembemo kuti mwanayu anabadwira ku Lisbon. Zimenezo zinene kapepala ka kuchipatala, kamene ndinakamasulira pakokha.

Lachinayi ndinalumbira pamaso pa loya wolumbiritsa, tinadinda, n'kumangirira kope la chikalata choyambirira kumbuyo. Mayiwo akuwerenga, chala chawo chinaima pa mzere wa naturalidade yawo, pomwe panalembedwa Dedza.

"Iii, komatu ine ndinabadwira konkuno ku Lilongwe," anatero akuseka. "Atandifunsa kuja ndinangoyankha za kwathu."

Ndinawauza kuti mzere umenewo nawo ndausiya momwe uliri, ndipo akafuna kuukonza, okonza ake ndi omwe analemba ku Portugal konko. Lachisanu anaimba foni kufunsa mtengo womasulira kalata yopita kumeneko.