Akuti ndine achimwene ake

Lero pa msika wa Kapata, ndili chinyamulire jumbo yake ya tomato, mtsikana amene ndimamufuna uja wauza mayi wogulitsa kuti, "Awa ndi achimwene anga." Miyendo inazizira nthawi yomweyo.

Koma ine sindikuvomera kuti basi zathera pomwepo. Kutchalitchi tonse timaitanana m'bale ndi mlongo, nanga maukwati satuluka m'kwaya momwemo? Pagulu mtsikana waulemu sangakutchule dzina ngati mwana, komanso sanganene kuti ndiwe chibwenzi chake usanamufunsire n'komwe. Ndiye anene kuti chiyani? Chimene chimatsekadi khomo ndi magazi, ndipo ngakhale pamenepo msuweni, mwana wa amalume, makolo athu ankalola kuti umukwatire.

Choopsa ndi zimene amachita pambuyo pake. Akayamba kukufotokozera za mnyamata wina wa ku Katete, n'kumakufunsa nzeru kuti amuyankhe bwanji pa foni, mwinanso kukupempha kuti umuperekeze pokamuchingamira ku siteshoni, dziwa kuti akukukonzera udindo wa mlamu. Wangayu sanayambe zimenezo. Loweruka ndikamufunsira, andikane ndi pakamwa pake.