Zoti ndinasokoneza msonkhano wa chiliza, imvani kaye mbali yanga

Ndaona mwayamba kale kundiyitana kuti "bwana wotchi", ndiye bola ndifotokoze ndekha. Inde, ndine ndinalemba uthenga uja pa gulupu ya banja: Lamulungu pa 26 Okutobala 2025 tikambirane za chiliza cha agogo, 8 koloko usiku kuno ku Mzuzu ndi kwa amalume ku Joni, 9 koloko kwa msuweni ku Dar es Salaam, 7 koloko kwa asisi ku Mangalande. Masamu abwinobwino. Joni timayendera limodzi, Tanzania ili ola limodzi kutsogolo, ndipo asisi miyezi yonseyi akhala ali ola limodzi kumbuyo kwathu, ndinkawaimbira ine ndemwe.

Osadziwa kuti azungu aja amakankha wotchi. Lamulungu lomaliza la Malichi amaipititsa kutsogolo ola limodzi, Lamulungu lomaliza la Okutobala n'kuibwezanso. Masiku onse a pa kalendala ine kukasankha lenilenilo. Ndiye 8 koloko yathu kwa asisi inali 6, osati 7. Mundiuze, munthu wokulira ku Chibavi, komwe wotchi timaigwira batire likatha basi, akanalota zimenezi?

8 koloko yakwana tonse talowa pa vidiyo, asisi kulibe. Kuwaimbira, zii, kumeneko n'kuti ali m'basi kuchokera kuntchito, foni ili m'chikwama, mtima uli m'malo kuti nthawi ilipo. Amalume akuti sitiyamba popanda iwo, paja ndi amene asunga ndalama, komanso wina asatseke foni, n'kupanda ulemu. Abale inu, ola lathunthu tikungoyang'anizana. Amalume foni anaiika pamwendo ndiye chomwe timaona ndi mphuno basi, mphuno yodzadza sikilini yonse, ikupuma, nthawi zina kuphenguka pang'ono, mpaka ndinayamba kuwerenga tsitsi la mkatimo. Kenako mkonono. Ine bandulo ikungosungunuka.

9 koloko ndendende asisi atulukira akumwetulira, ati "mwaona lero ndasunga nthawi". Kwawo inali 7, monga ndinalembera. Msuweni ku Dar 10 koloko itakwana anali atapita kale kukagona.

Mwa njira inayake asisi nawonso ali ndi mlandu, amene amakhala kumeneko ndi iwo, bwanji osandiuza? Koma ayi, onse ndi ine.

Panopa ndikamaitanitsa ndimalemba tsiku, kenako mzinda uliwonse pamzere wake ndi nthawi yake, 20:00 osati 8 chabe, ndipo kusiyana kwa maola ndimafufuza kwa tsiku la msonkhanolo, osati la lero, chifukwa wotchi ya pafoni imakuonetsa za lero zokha. Aliyense amayankha polemba nthawi ya kwawo, kachala kokweza sindilandira.

Za chiliza sitinakambe. Amalume atadzuka anafunsa ngati tatseka kale ndi pemphero.