Kombo ija yatheka usiku wathawu

Usiku wathawu pa Street Fighter 6 kombo imene yakhala ikundikanika sabata yonse yatheka kasanu motsatizana. Kombo ndi zibakera zolumikizana zimene mdani sangathe kutchinga choyamba chikangomupeza. Mtima wanga uli mbee!

Chandithandiza n'kusiya kudina batani mwaphuma. Gemuyi imayenda mafulemu 60 pa sekondi, ndiye kuti zithunzi 60 zosinthana. Tinene kuti chibakera choyamba chamusiya mdani ali njenjenje mafulemu 6 iwe utamasuka kale, ndipo chachiwiri chimatenganso mafulemu 6 kuti chifike. Mpata wake ndi fulemu imodzi yokha, osafika ndi mamilisekondi 17 omwe. Mu Street Fighter IV zinalidi choncho, ukaphonya basi yaduka. Pano gemu imasunga batani limene wadina msanga pang'ono, mafulemu ochepa munthu wako asanamasuke, n'kulitulutsa pa fulemu yoyamba yololedwa. Imeneyo ndiye bafa, ndipo ine ndimaiyamikira kwambiri.

Koma anzanga, bafa imathandiza wofulumira pang'ono, wochedwa ayi. Poyeserera, ikani mdani kuti azitchinga mukangomumenya koyamba. Chibakera chachiwiri chikapanda kutuluka n'komwe, mwafulumira mopitirira bafa. Chikatuluka iye n'kutchinga, mwachedwa. Langa linali vuto loyambalo.