Makiyi a malipiro akugwira: kulipira kamodzi ngakhale netiweki idule

Kapulogalamu kogulitsira matikiti a chisangalalo chathu cha 6 Julaye kuno ku Britain kasiya kudula ndalama kawiri. Ndakayesa usiku wapitawu pa Stripe, kampani yoyendetsa malipiro a pa khadi, mbali yake yoyeserera, ndikudula dala intaneti pakati pa kulipira, ndipo pa akaunti pakuoneka malipiro amodzi okha a mapaundi 15.

Gwero la vutoli ambiri mukulidziwa. Seva yanga imatumiza ku Stripe pempho la `POST` loti khadi lidulidwe, kenako imadikira yankho. Yankho likapanda kubwera, palibe chondiuza chimene chachitika. Mwina pempholo silinafike n'komwe, mwina linafika, ndalama zinachoka kale, koma yankho ndi limene lasochera pobwerera. Kumbali yanga zonsezi zimaoneka chimodzimodzi. Ndikasiya osabwereza, munthu akhoza kulipira koma tikiti osailandira. Ndikabwereza chimbulimbuli, mayi wina wogula tikiti imodzi achotsedwa mapaundi 30, ndipo Lamlungu ndikumana nawo kutchalitchi.

Ndiye pempho lililonse lolipira limanyamula kiyi yakeyake, chizindikiro choti Stripe ilizindikire likabweranso:

```
curl -i https://api.stripe.com/v1/payment_intents \
  -u "$STRIPE_KEY:" \
  -H "Idempotency-Key: oda-218-kuyesa-1" \
  -d amount=1500 -d currency=gbp \
  -d "payment_method_types[]=card" \
  -d payment_method=pm_card_visa -d confirm=true
```

Kiyi ikafika koyamba, Stripe imagwira ntchitoyo n'kusunga yankho lake. Ikabweranso kiyi yomweyo, khadi silikhudzidwanso, amangokubwezera yankho losungidwa lija. Tumizani lamuloli kawiri muone nokha: nambala yoyamba ndi `pi_` ibwera imodzimodzi, ndipo yankho lachiwiri likhala ndi `Idempotent-Replayed: true`. Mukasintha 1500 kukhala 3000 kiyi ili yomweyo, akukanani ndi `idempotency_error`, zomwe ndi zabwino, chifukwa kiyi imodzi siyenera kuimira zogula ziwiri zosiyana.

Chimene chandidyera masiku si mzere umenewo ayi, koma funso loti kiyi ibadwe liti ndipo ife liti. Ikamapangidwa mkati mwa gawo lobwereza pempho, kubwereza kulikonse kumakhala ndi kiyi yatsopano, ndiye kuti palibe chimene yateteza. Ikangokhala pa foni ya wogula, tsamba likatsekedwa nayonso yapita. Ikakhala nambala ya oda yokha, pamabuka vuto lina limene silionekera msanga. Stripe imasunganso yankho loipa. Khadi likakanidwa chifukwa mulibe ndalama zokwanira, kukanidwako kumamatirira ku kiyiyo. Munthu athamange akaike ndalama mu akaunti, abwere adinenso batani, yankho lidzakhala lomwe lija loti wakanidwa, pomwe banki sinafunsidwe n'komwe ulendo wachiwiriwu. Ukamayang'ana pa kompyuta umangoona ngati khadi ndi limene lili ndi vuto. Chimene chimaulula ndi chakuti pa akaunti sipaoneka kuyesa kwatsopano.

Mmene ndakonzera ndi motere. Kiyi ikuimira kuyesa kumodzi kolipira oda imodzi, n'chifukwa chake ili ndi `kuyesa-1` kumapeto. Ndimayamba ndailemba mu databesi, pempho lisananyamuke. Yankho likapanda kubwera, ndibwereza ndi kiyi yomweyo, ndikudikira sekondi imodzi, kenako awiri, kenako anayi. Yankho likabwera lomveka bwino loti khadi lakanidwa, kuyesako kwatha, ndipo wogula akadinanso ndiye kuti `kuyesa-2` yabadwa. Stripe imalangiza kugwiritsa ntchito `UUID`, mndandanda wautali wa zilembo ndi manambala osankhidwa mwachisawawa, ndipo imalola kiyi yotalika mpaka zilembo 255. Ine ndakonda yoti ndikaiona ndidziwe kuti ndi ya oda iti, bola nambala za oda zisamabwerezedwe.

Pali anthu a chala chofulumira amene amadina batani kawiri motsatizana. Apo mapempho awiri amafika pa seva yanga nthawi imodzi, onse n'kupeza kuti kiyi kulibe. Databesi yanga ya PostgreSQL ndi imene yandithandiza: danga la kiyi ndaliika `UNIQUE`, ndipo ndimalemba ndi `ON CONFLICT DO NOTHING`. Amene walemba mzere ndiye atumiza pempho, winayo adikire zotsatira. Kunena zoona PostgreSQL ndinaikonda kuyambira pa kaundula wa chipereganyu chathu, ndipo sindiona chondichotsako. Muli malamulo amene databesi imawasunga bwino kuposa pulogalamu iliyonse imene ndingalembe.

Chenjezo kwa amene mukufuna kubwereza mapempho mawa lake: kiyi ikhoza kufufutidwa pakadutsa maola 24, ndipo ikafufutidwa pempho lanu limatengedwa ngati latsopano. Oda ikagona isanadziwike mapeto ake, ine sindibwereza, ndimayamba ndafufuza kaye ngati malipiro ake alipo.

Chotsatira ndi kubweza ndalama kwa olephera kubwera, nakonso kukufunika makiyi ake. Kenako ndikufuna kuwonjezera PayPal, imene kiyi yake imatchedwa `PayPal-Request-Id`, ndipo zikatheka abale akumudzi azigulira anzawo matikiti pa foni, zonse zizidutsa pa tebulo limodzi la makiyi.