Mpata wachitatu uja

Makope ndatseka kalekale koma tulo sitikubwera. Chikundivuta ndi mpata umodzi wokha pa ntchito yodzaza mawu imene ndinapatsa ana a Fomu 1 m'mawa uno, titamaliza kuyerekeza nkhani za chilengedwe cha dziko.

Ndinawalembera pa bolodi ziganizo zinayi. Dziko linalengedwa m'masiku ______. Munthu woyamba anapangidwa kuchokera ku ______. Nyama zinalengedwa ______ munthu. Atamaliza ntchito yake, Mlengi ______. Mayankho anga anali okonzeka pa kapepala: asanu ndi limodzi, dothi, asanalengedwe, anapuma. Ndinkaona ngati ndi ntchito ya mphindi khumi.

Pa mpata wachitatu mtsikana wina analemba "atalengedwa kale", ine n'kuchonga kuti walakwa. Belu litalira anatsalira, kope lili m'manja.

"Aphunzitsi, pepani, koma apa ndalakwa chiyani?"

Ndinamuuza kuti mu Genesis 1 zomera zikubwera tsiku lachitatu, nsomba ndi mbalame lachisanu, nyama zapamtunda lachisanu ndi chimodzi, munthu n'kukhala wotsiriza. Anandimvera mpaka ndamaliza. Kenako, motsitsa mawu: "Nanga mutu 2 uja munatiwerengera dzulo?"

Ndinangoti kakasi. Mu mutu 2 munthu akuumbidwa pa ndime 7, nyama zikutchulidwa pa ndime 19 pamene zikubweretsedwa kwa iye kuti azitche mayina, ndipo mkazi akubwera pambuyo pake. Alipo amene amamasulira ndime 19 kuti nyamazo zinali zitaumbidwa kale, koma mwana wowerenga nkhaniyo monga ikuyendera sangaimbidwe mlandu. Ndinamuwerengera ndekha dzulo, lero ndamulanda malikisi chifukwa chomvetsera bwino. Manyazi ake!

Nditakhala pansi ndinaunikanso mipata inayo, ndipo wolimba panalibe. Mnyamata wina anasiya wachinayi wopanda kanthu, ine n'kumamuyesa waulesi. Chonsecho Kurani imanenadi za masiku asanu ndi limodzi, koma pa sura 50 ndime 38 imawonjeza kuti Mlengi sanakhudzidwe ndi kutopa kulikonse. Mwanayo akanalemba bwanji "anapuma"? Sindinamufunse, mwina anangoiwala, koma mtima wanga ukukana.

Mpata wachiwiri ndiye chisokonezo chenicheni. "Dothi" likukwana pa Genesis 2, ndipo Kurani nayo imatchula dongo. Koma tinaphunziranso nkhani ya ku Babulo, Enuma Elish, mmene mulungu Marduk akupha mulungu wamkazi Tiamat n'kumung'amba pakati, theka kukhala thambo, theka dziko lapansi. M'menemo anthu akupangidwa ndi magazi a mulungu wina dzina lake Kingu, ndipo cholinga chake n'choti azigwira ntchito kuti milungu ipume. Mu Popol Vuh, nkhani ya Amaya a ku Central America, dothi linayesedwadi, koma munthu wake anali wofewa, n'kusungunuka m'madzi. Anthu a mtengo analankhula ndi kuberekana koma analibe mtima wokumbukira amene anawapanga, motero anawonongedwa. Amene anatheka ndi a chimanga. Ndiye mpata umodzi uli ndi mayankho olondola atatu kapena anayi, ine ndinanyamula limodzi.

Chimene chikundinyansa n'chakuti sindinachite mwadala. Ndinatenga nkhani imene ndinakula nayo n'kuisandutsa muyeso, zinazo kukhala ngati alendo. Phunziro lonse ndalalikira kuti tikuyerekeza, sitikuweruza, kenako cholembera changa chofiira n'kuweruza.

Mphunzitsi mnzanga nditamufotokozera anati, "Inunso aphunzitsi, ingowapatsani mawu oti asankhepo, nkhani yatha." Sikutha ayi. Mukaika dothi, magazi ndi chimanga m'bokosi limodzi, chiganizo chisakunena kuti ndi nkhani ya ayani, mwana angolota. Chofunika n'chakuti chiganizo chilichonse chitchule mwini nkhani, ndipo mpata ugwe pa mawu amene akusiyanitsa nkhaniyo ndi zinzake. Ndalembanso chonchi:

Malinga ndi Genesis 1, munthu analengedwa pa tsiku la ______.
Mu Genesis 2, mkazi anapangidwa kuchokera ku ______ ya mwamuna.
Kurani imati Mlengi sanamve ______ atalenga m'masiku asanu ndi limodzi.
Mu Enuma Elish, thambo ndi dziko zinachokera ku thupi la ______.
Mu Popol Vuh, anthu a ______ anasungunuka m'madzi.

Ndayesa kudzaza mpata uliwonse ndi yankho la nkhani ina, kuona ngati lingalowe. Silikulowa, kupatula womalizawo, pamene wina alemba "matope", wina "dothi". Onse ndiwachongera.

Koma tsopano ntchitoyi yasanduka yongoloweza. Funso limene ndimafunitsitsa, loti n'chifukwa chiyani munthu wa ku Babulo analengedwa kuti akhale wantchito pamene wa mu Genesis 1 akupatsidwa ulamuliro, silikwana mu mpata. Mwina likhale lokambirana m'magulu. Kaya.

Malikisi a mtsikana uja ndabweza. Chatsala n'choti mawa ndinene pamaso pa kalasi yonse kapena ndingomubwezera kope mwakachetechete.