Foni ya ejenti wathu itabedwa Lolemba

Lolemba m'mawa ndisanakhale pansi abwana anandiitana, akuti foni ya mayi wina ejenti wathu yabedwa mu minibasi akutsika ku Kulima Tower. Ife timapanga apu ya Android imene maejenti amalembamo zopereka za magulu a chilimba, maina a anthu, manambala a foni, ndalama zimene wina wapereka ndi ngongole yake. Mayiwo anabwera ku ofesi maso ali ofiira, ndinawafunsa kuti amayi, foni ija inali yokiya? Akuti ayi bambo, patani ndinachotsa chifukwa ana amaonerapo mavidiyo madzulo. Apa mtima unangoti myuu, chifukwa foni yosakiya wakuba sasowa luso lililonse, amangotsegula apu basi ali mkati ngati mwini wake.

Nde ndinapita kwa mnzanga wa ku seva kuti tiphe tokeni ya mayiwa. Tokeni ndi kachiphaso kamene seva imapatsa foni munthu akalowa ndi pasiwedi, kuti asamalembenso pasiwedi nthawi zonse. Yathu inali JWT yopanda `exp`, ndiye kuti sinkatha ntchito mpaka kalekale, komanso seva sinkasunga mndandanda wa matokeni, inkangoona siginecha nkuvomera. Panalibe njira yophera imodzi yokha. Tinachita kusintha kiyi yosainira ndipo maejenti onse anatulutsidwa nthawi imodzi, ena ali pakati pa msonkhano ku Matero ndi ku Chawama, mafoni analira mpaka madzulo ena oti pasiwedi anaiwala kalekale.

Lachiwiri ndinati ndione ndi maso anga zimene apu imasiya mu foni. Ndinalumikiza foni yoyesera, ya bilidi ya `debug`, nkulemba izi:

```
adb shell run-as <package> cat shared_prefs/session.xml
```

Tokeni yonse inaonekera pa sikirini, pansi pake dzina la ejenti ndi nambala yake, zosabisika mpang'ono pomwe. SharedPreferences, mmene apu yathu inkasungamo tokeni, ndi fayilo wamba ya XML, chimene chimaiteteza nchakuti Android salola apu ina kulowa mu foda ya inzake. Pa foni yokiya yosasokonezedwa mpanda umenewu ndi wolimba ndithu, sindikufuna kuopseza anthu. Koma mafoni a maejenti athu ambiri ndi ogula kwa munthu, ena adutsa m'manja mwa okonza mafoni m'tauni ndipo sudziwa ngati anachitidwa ruti, kutanthauza kumasula foni kuti munthu athe kulowa paliponse mkati mwake, ndipo pa foni ya ruti mpanda uja kulibe.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndinachipeza masana. Ndinatsegula APK yathu, fayilo yoikira apu mu foni, ndi jadx, pulogalamu yoonetsa kodi ya mkati mwa apu, nkusaka mawu oti `key`, sipanathe ndi mphindi ziwiri kiyi ya API ya kampani imene timatumizira mameseji inali apo, yonse. Inalowa kudzera mu `BuildConfig` ndipo tonse timaganiza kuti poti siili mu Git ndiye yabisika. Mnyamata amene akuphunzira ntchito kwathu anafunsa kuti mudala, nanga R8 sibisa? R8 imasintha maina a makalasi ndi mafankishoni kukhala `a` ndi `b`, koma mawu ali m'kati mwa zizindikiro za `" "`, ngati kiyi ija, imawasiya momwemo. Ndipo apa sipafunika kuba foni, aliyense amene ali ndi APK, ngakhale yotumiziridwa pa WhatsApp, angatumize mameseji pa bilu yathu. Kiyi yotere palibe pamene ungaibise mu apu, uike mu C uike mu fayilo, apu ikamaigwiritsa ntchito iyenera kuivundukula ndipo pamenepo munthu amaitola. Tinapha kiyi yakaleyo tsiku lomwelo, yatsopano ili pa seva yokha, manje apu imangopempha seva kuti tumiza risiti kwa membala uyu, seva nkuona kaye tokeni.

Lachitatu lonse linali la Android Keystore, malo amene Android imasungamo makiyi obisira zinthu. Ubwino wake ndi woti kiyi imapangidwa mkati ndipo situluka, pa mafoni ambiri imakhala m'chigawo chapadera cha purosesa chimene ngakhale Android yeniyeni siiwerenga, apu imangotumiza zinthu kuti zibisidwe kapena zivundukulidwe. Makiyi a AES, njira yobisira imene tikugwiritsa ntchito, anayamba kutheka mu Keystore pa Android 6.0, ya 2015, ndipo apu yathu siitsika kuposa pamenepo nde zinatiyendera.

```kotlin
KeyGenParameterSpec.Builder("session_key",
    KeyProperties.PURPOSE_ENCRYPT or KeyProperties.PURPOSE_DECRYPT)
    .setBlockModes(KeyProperties.BLOCK_MODE_GCM)
    .setEncryptionPaddings(KeyProperties.ENCRYPTION_PADDING_NONE)
    .setKeySize(256)
    .build()
```

Ndinasankha AES ya mtundu wa GCM chifukwa imagwira ntchito ziwiri, imabisa komanso imaika chidindo cha mabayiti 16 kumapeto. Pobisa, Keystore imakupatsa IV, nambala yoyambira kubisa, ya mabayiti 12 yatsopano nthawi iliyonse, umaisunga pamodzi ndi zobisidwazo, si chinsinsi koma ukaitaya suvundukulanso. Ndinayesa chidindo chija, ndinasintha chilembo chimodzi chokha mu fayilo nkutsegula apu, inakana ndi `AEADBadTagException`. Izi ndi zofunika kwa ife chifukwa ejenti akakhala kopanda netiweki zopereka zimadikira mu foni, ndipo sitifuna wina asinthe K500 kukhala K50 zisanafike ku seva.

Lachinayi zinavuta. Mtsikana wathu woyesa apu anaichotsa nkuiikanso, ikangotseguka nkugwa, ikangotseguka nkugwa. Magetsi anali atapita, tili pa inveta, ndikuyang'ana logcat, pamene Android imalemba zimene zikuchitika, ndikuona `AEADBadTagException` yomwe ija koma palibe amene wagwira fayilo. Zinanditengera maola awiri. `android:allowBackup` ukapanda kuilemba imakhala `true`, nde usiku foni ili pa wayifayi Android inakweza fayilo yathu ku bakapu ya Google Drive, poikanso apu inabweza fayiloyo, koma kiyi ya Keystore imafa apu ikachotsedwa ndipo silowa mu bakapu. Apu inapanga kiyi yatsopano nkumayesa kutsegula zobisidwa ndi yakale. Zikanachitikira ejenti aliyense wogula foni yatsopano. Ndiye ndinazindikiranso kuti miyezi yonseyi tokeni yosabisa ija inkakwera ku bakapu. Ndinachotsa fayiloyo mu `dataExtractionRules`, mbali zonse ziwiri `cloud-backup` ndi `device-transfer`, ndi mu `fullBackupContent` ya mafoni a Android 11 kutsika. Ndipo kuvundukula tokeni kukalephera apu sikugwanso, imafufuta nkupempha pasiwedi.

Lachisanu abwana anafunsa kuti ndiye foni ikabedwanso tili bwino? Ndinawauza zoona kuti Keystore imaletsa kukopera kiyi kupita nayo kwina, koma munthu amene wagwira foni yotsegula, kapena ya ruti, angathe kuuza Keystore kuti ivundukule ndipo imvera. Kwa mayi aja sikanathandiza kanthu. Chimene chikanathandiza ndi cha ku seva, nde tasintha, tokeni yolowera ikutha pa mphindi 15, yokonzanso, imene apu imapemphera nayo yolowera yatsopano, ndi imene timabisa mu Keystore ndipo imasinthidwa nthawi iliyonse ikagwiritsidwa ntchito, yakale ikabweranso seva imapha zonse za foni imeneyo. Pa dashibodi pali batani lophera foni imodzi osakhudza ena.

Tinakangana pang'ono pa `setUserAuthenticationRequired(true)`, imene imapangitsa kiyi kugwira ntchito pokhapokha munthu atatsegula ndi pini kapena chala. Ine ndikuifuna. Mnzanga akuti maejenti opanda loko apu iwakana chifukwa kiyi yotere sipangika pa foni yosakiya, ndipo wina akachotsa loko kiyi imafa ndi `KeyPermanentlyInvalidatedException`, zopereka zodikira nkutayika nazo. Akunena zoona, nchifukwa chake tagwirizana makiyi awiri, ya tokeni ikhale yofuna loko, ya zopereka ikhale payokha. Mayi aja abwera Lolemba ndi foni yatsopano, ndiyamba ndi iwo kuika pini tisanaike apu.