Kuomba m'manja kamodzi sikokwanira

M'maphunziro anga okonza vidiyo ndafika pa kulumikiza mawu ojambulidwa pa rekoda ndi zithunzi za pa kamera. Poyamba mphunzitsi anatipatsa njira yodziwika ija: uyatse kamera, uyatse rekoda, kenako munthu aime pooneka n'kuomba m'manja mwamphamvu. Kuombako kumasiya chizindikiro mbali zonse ziwiri. Pa zithunzi umafunafuna fulemu, kutanthauza chithunzi chimodzi mwa zambiri zopanga vidiyo, yoyamba imene zikhatho zagundana, pa mafunde a mawu umaona mzere wosongoka utangoti njo! pakati pa bata. Ukaika mzerewo pansi pa fulemu ija, ntchito yayamba bwino.

Njira ina ndi yosiyira pulogalamu kuti ifananitse yokha mafunde. Mu Premiere Pro umasankha mafayilo onse awiri n'kudina `Synchronize`, mu DaVinci Resolve pali `Auto Sync Audio`. Koma apa pali mfundo imene ndinaiganizira kwambiri. Pulogalamuyo siyang'ana milomo ya munthu ayi, imangoyerekeza mawu a rekoda ndi amene maikolofoni ya kamera inatola. N'chifukwa chake maikolofoni ya kamera siyenera kuzimitsidwa ngakhale mawu ake akhale oipa. Ndipo mphepo ikachuluka, kapena pakamamveka nyimbo yobwerezabwereza, pulogalamu imalephera kapena kulumikiza pamalo olakwika. Mtunda nawo umasokoneza. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo pa vidiyo ya mafulemu 25 pa sekondi, fulemu imodzi imatenga masekondi 0.04. Ndiye kamera ikakhala mamita 14 kuchokera kwa wolankhula, mawu amaifika atachedwa ndi fulemu yathunthu, ndipo pulogalamu imatengera kuchedwako ngati kolondola. Pamenepo zikhatho za pa chithunzi ndi zimene zimanena zoona.

Chimene chandiphunzitsa zambiri ndi fayilo yoyeserera imene tinapatsidwa: munthu akufunsidwa mafunso kwa mphindi 40 osadukiza. Koyambirira zonse zinali bwinobwino. Pakatikati ndinayamba kumva ngati m'chipinda muli kamawu kobwereza ndikayatsa mawu a kamera ndi a rekoda limodzi. Kumapeto, milomo imatseka potchula "p" kapena "m", mawu ake n'kubwera m'mbuyo. Wojambulayo anali ataombanso m'manja asanazimitse zida, ndipo kuomba kwachiwiriku kunaonetsa kuti mawu achedwa ndi mafulemu atatu.

Vuto silinali pa kulumikiza. Kamera ili ndi kawotchi kake m'kati, rekoda nayo ili ndi kake, ndipo timawotchiti sitiyenda mofanana ndendende. Mafulemu atatu ndi masekondi 0.12. Ukawagawa pa masekondi 2,400 a kujambula konse, umapeza kuti zida ziwirizi zinasiyana ndi 0.005 peresenti basi. Pa kavidiyo ka mphindi ziwiri palibe angazindikire, koma pa nthawi yaitali kusiyanako kumaunjikana mpaka diso kukuona. Kuomba koyamba kumangokuuza poyambira. Kuti udziwe ngati zida zayendera limodzi mpaka kumapeto, pamafunika kwachiwiri.

Kukonza kwake kuli pawiri. Ukhoza kudula mawu a rekoda pamene wolankhula wapuma, pafupifupi mphindi 13 zilizonse, n'kuwakokera chakoyambirira ndi fulemu imodzi. Kapena ukhoza kufupikitsa pang'ono fayilo yonse ya mawu kuti kuomba koyamba ndi komaliza kukhale m'malo mwake, monga ndi `Rate Stretch Tool` mu Premiere Pro. Ine ndakonda njira yachiwiriyi chifukwa kuchedwa kwa mtunduwu kumakula mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndiye mankhwala akenso ayenera kufalikira fayilo yonse. Kusintha kochepa chonchi khutu silikumva.

Koma usanakonze, uyambe waona mmene kusiyanako kukukulira. Ngati pakati pa fayilo mawu achedwa ndi theka la mmene achedwera kumapeto, ndi timawotchi tija. Ngati akusiyana ndi masekondi pafupifupi asanu pa mphindi imodzi yokha, ndiye kuti vuto lili pa kHz, muyeso wa kangati pa sekondi chida chimatola mawu: fayilo ya 44.1 kHz ikuwerengedwa ngati ya 48 kHz, kapena ya 48 ngati ya 44.1, ndipo liwu la munthu limamveka lopyapyala kapena lolemera. Ndi bwino kuika zida zonse pa 48 kHz usanajambule. Ngati mawu pena akutsogola, pena akutsalira, kawirikawiri vidiyoyo ndi ya pa foni, chifukwa mafoni ambiri amasinthasintha kuchuluka kwa mafulemu pa sekondi. Pamenepo kutambasula mawu sikuthandiza. Vidiyoyo iyambe yadutsa mu pulogalamu ya HandBrake utasankha `Constant Framerate`, kenako ulumikize kuyambira pachiyambi.